Dzina Lokha Silijambula Chithunzi: Kumasulira Malangizo a Chithunzi m'Chingerezi Osataya Zakwathu

Ambiri a ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu ojambula zithunzi pokonza zipangizo zophunzitsira. Umalemba mawu ofotokoza chithunzi chimene ukufuna, pulogalamu n'kukujambulira. Mawu amenewa m'phunziro lino tiziwatchula kuti malangizo a chithunzi. Vuto limene limabwera n'lakuti chithunzicho timachiganiza m'Chichewa, koma mapulogalamuwa amamva bwino Chingerezi. Pakati pa zilankhulo ziwirizi m'pamene mtondo umasanduka kambale kosinjiramo mankhwala, ndipo mayi wa ku Ntcheu amatuluka atavala ngati wa ku Ghana.

Phunziro lino lili ndi mfundo imodzi. Pomasulira malangizo a chithunzi, sitimasulira dzina la chinthu ayi, timamasulira chimene diso limaona. Tiona chifukwa chake, kenako tiyesa mfundoyi pa zithunzi ziwiri za kuno ku Ntcheu: mayi amene akukonola chimanga, ndi bambo amene akuvina ngoma.

Chifukwa chake pulogalamu imasochera

Mapulogalamu monga Stable Diffusion, Midjourney ndi DALL-E sanaonepo mtondo ndi maso. Anaphunzira poyerekeza zithunzi zambirimbiri za pa intaneti ndi mawu amene analembedwa pambali pa zithunzizo. Mwachitsanzo, Stable Diffusion, imene inatuluka mu 2022, inaphunzitsidwa ndi zigawo za mulu wa zithunzi wotchedwa LAION-5B. Muluwu uli ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni, ndipo zoposa 2 biliyoni mwa izo zili ndi mawu a Chingerezi. Zithunzi zolembedwa m'Chichewa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezi.

Ndiye pulogalamu ikalandira liwu, imajambula chinthu chimene inachiona kawirikawiri pambali pa liwulo. Apa pali misampha iwiri. Mukasiya liwu la Chichewa lokhalokha, monga lichero, pulogalamu siilidziwa, choncho imalinyalanyaza kapena kungolota chinthu china. Mukaika liwu la Chingerezi la mumtanthauziramawu, pulogalamu imalidziwa, koma imajambula chinthu cha kwa eni liwulo, osati chathu. Msampha wachiwiriwu ndiwo woopsa, chifukwa womasulira amaona ngati wamasulira bwino. Mtanthauziramawu sananame, koma analembedwera munthu amene akuwerenga nkhani. Munthu amadzaza yekha zimene zatsala poona mmene nkhani ikuyendera. Pulogalamu imadzaza ndi zimene inazolowera.

Mafunso anayi pa chinthu chilichonse

Musanalembe liwu lililonse la Chingerezi, tengani chinthu chilichonse cha m'malangizo anu n'kuchifunsa mafunso anayi. Chinapangidwa ndi chiyani? Chimaoneka motani, chozungulira, chachitali kapena chaphanthiphanthi? N'chachikulu bwanji tikachiyerekeza ndi thupi la munthu? Nanga chimagwiridwa, kuvalidwa kapena kuikidwa motani?

Mayankho ake alembeni kaye m'Chichewa. Ntchito yaikulu ili pamenepa, pakuti munthu amene walephera kufotokoza lichero m'Chichewa sangalifotokoze m'Chingerezi. Mukatero, mumasulire mayankhowo. Dzina la Chichewa mukhoza kulisunga m'malangizo, koma lisayende lokha. Liziyenda ndi kufotokoza kwake.

Pa funso la kukula, thupi la munthu ndi muyezo wabwino kuposa manambala. Pulogalamu siyeza masentimita pojambula. Imamva bwino mukanena kuti chinthu chikufika m'ntchafu kapena paphewa.

Chithunzi choyamba: mayi akukonola

Tiyerekeze kuti mukukonza phunziro la momwe timakonzera ufa, ndipo mwalemba malangizo awa: “Amayi a ku Ntcheu ovala chitenje ndi duku akukonola chimanga mumtondo pafupi ndi nkhokwe, lichero lili pambali.” Munthu womasulira liwu ndi liwu angalembe chonchi:

```
Women from Ntcheu wearing African cloth and a scarf,
pounding corn in a mortar near a granary,
a basket beside them
```

Mphunzitsi wa Chingerezi sangapezemo cholakwa cha galamala, komabe pafupifupi liwu lililonse lasochera. Tiyeni tiwaone limodzilimodzi.

Tiyambe ndi “amayi”. M'Chichewa timachulukitsa polemekeza, ndiye “amayi akukonola” akhoza kukhala munthu mmodzi kapena anthu asanu. Chingerezi sichilemekeza mwanjira imeneyi. Mukalemba `women`, mupeza gulu. Ngati mumatanthauza mmodzi, lembani `one woman`, ndipo nenaninso msinkhu wake. Vuto lomweli lili pa “agogo” ndi “mwana”, chifukwa mawuwa sanena ngati munthuyo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Wolemba malangizo ayenera kusankha yekha, apo ayi pulogalamu imusankhira.

Chitenje ndicho chimavuta kwambiri. Mawu akuti `African cloth` ndi otakata ngati dambo. Pulogalamu ikhoza kujambula nsalu yoluka ya ku Ghana, chofunda chofiira cha Amasai, kapena diresi losokedwa. Liwu lakuti `sarong` limakokera chithunzi kugombe la nyanja ku Asia. Tikafunsa mafunso athu anayi, tipeza kuti chitenje ndi nsalu ya thonje yodindidwa maluwa kapena zojambula zina, yosasoka, yotalika pafupifupi mamita awiri. Mayi amaikulunga m'chiuno pamwamba pa siketi kapena diresi, n'kuitsindira m'mbali, ndipo imatsika mpaka mu akakolo. Kumtunda amavala bulauzi. Mfundo ya bulauziyi musaiiwale, chifukwa mapulogalamu ena akamva za mudzi wa ku Afirika amathamangira kujambula munthu wosavala mokwanira. Zonsezi zimakwana m'mawu ochepa:

```
a blouse, and a printed cotton chitenje wrapped round
her waist, reaching the ankles
```

Onani kuti dzina lakuti chitenje lasungidwa, koma ngakhale pulogalamu italinyalanyaza, mawu otsalawo akukwanira kujambula chinthu cholondola. Kumbukiraninso kuti chitenje chimodzi chimagwira ntchito zambiri. Chomanga m'chiuno, choberekera mwana kumbuyo, chofunda m'mapewa kukazizira ku Tsangano, ndi chopinda kukhala nkhata, zonse timazitcha chitenje, koma pachithunzi n'zinthu zinayi zosiyana. Nenani chimene mukufuna.

Duku nalo lili ndi msampha wake. `Scarf` yekha nthawi zambiri amagwera m'khosi. `Head wrap` amabweretsa chinsalu chachikulu choimirira chimene amayi a ku Nigeria amavala paukwati. Duku la mayi amene ali pantchito ndi kansalu kogwira mutu bwinobwino, komangidwa kunkhongo. Choncho tilemba `a simple headscarf tied at the back of the head`.

Tsopano mtondo. Poyamba dziwani kuti liwuli m'Chichewa lilinso dzina la mtengo, ndiye makina omasulira akhoza kukupatsani mtengo m'malo mwa chiwiya. Koma ngakhale atapereka `mortar`, kwa eni Chingerezi liwuli limatanthauza kambale kamwala kokwana m'manja, matope omangira njerwa, ngakhalenso mtundu wa mfuti ya asilikali. Mtondo wathu ndi chipika chimodzi chosemedwa, choima pansi, chofika cha m'ntchafu mwa munthu wamkulu. Musi sunatchulidwe n'komwe m'malangizo a Chichewa aja, chifukwa ife tikamva kukonola timauona kale m'maganizo. Pulogalamu siuona. Tiyenera kuutchula: mtengo wautali, wogwiridwa choimika ndi manja awiri, ndipo wokonolayo waimirira.

Chimanga chimene timadya ndi choyera. Liwu lakuti `corn` limabweretsa chimanga chachikasu, kawirikawiri chili pachitsononkho. Mumtondo mumalowa chotong'ola, ndiye tilemba `white maize kernels`.

Mneni nayenso amanyamula zinthu. Kukonola ndi kusinja onse amamasuliridwa kuti `pounding`, koma mwana wa kumudzi amadziwa kuti ndi ntchito ziwiri. Pokonola timachotsa gaga kuti titsale ndi mphale, ndipo pambali pamakhala lichero lopetera. Posinja timaphwanya mphale yonyika kuti ikhale ufa, ndipo pambali pamakhala sefa ndi mphasa yoyanikapo ufawo. Chingerezi chilibe mawu awiri osiyanitsa zimenezi, choncho kusiyanako kuoneke m'ziwiya zimene mwatchula. Mukaika ufa woyera pamphasa m'chithunzi cha kukonola, mwasokoneza phunziro lanu lomwe.

Lichero si `basket`. Liwu limenelo limabweretsa dengu lakuya lokhala ndi chogwirira pamwamba. Lichero ndi lozungulira, losazama, lolukidwa ndi nsungwi zong'amba, ndipo lili ndi mkombero wolimba. Nkhokwe nayo si `granary` chabe, pakuti pulogalamu ikhoza kujambula nyumba yamatabwa ya ku Ulaya kapena chithanki chachitsulo. Nkhokwe ya pakhomo ndi yozungulira, yoluka, yokwezedwa pamwamba pa nthaka ndi mitengo kapena miyala, ndipo ili ndi denga la udzu losongoka.

Dzina lakuti Ntcheu silithandiza pulogalamu kwenikweni, chifukwa zithunzi zolembedwa dzinali n'zochepa. Ndi bwino kutchula Malawi, n'kufotokoza malowo: bwalo ladothi losesedwa, mapiri kumbuyo. Tikasonkhanitsa zonse, malangizo athu akhala otere:

```
One middle-aged Malawian woman, standing, pounding white
maize kernels in a thigh-high mortar carved from one log,
holding a long wooden pestle upright with both hands.
She wears a blouse, a printed cotton chitenje wrapped round
her waist to the ankles, and a simple headscarf tied at
the back. On the ground, a round shallow winnowing tray of
woven split bamboo with a stiff rim. Behind her, a
cylindrical woven maize store raised on low poles, with a
cone-shaped grass roof. Swept earth yard.
```

Chiganizo chimodzi cha Chichewa chasanduka ziganizo zisanu za Chingerezi. Zimenezi zisakudabwitseni. Liwu limodzi lakwathu limanyamula zonse zimene tinakula tikuziona, ndipo womasulira amamasula mtolowo kuti mlendo aone zili mkati.

Chofunika chikhale patsogolo

Kutalika kwa malangizo kuli ndi malire. Mitundu yoyambirira ya Stable Diffusion imawerenga tizidutswa ta mawu 77 tokha, ndipo zotsala imazidula. Liwu lodziwika la Chingerezi kawirikawiri limakhala kachidutswa kamodzi, koma liwu lachilendo monga chitenje limaduladulidwa kukhala tizidutswa tingapo. Mapulogalamu atsopano amalandira mawu ambiri, komabe zinthu zikachuluka amasakaniza: maluwa a pachitenje amakapezeka pamtondo, kapena denga la nkhokwe limakhala pamutu pa nyumba ina.

N'chifukwa chake m'malangizo athu tayamba ndi mayi, mtondo ndi musi, kenako zovala, n'kumalizira ndi za kumbuyo. Ngati pulogalamu idula kumapeto, itaya bwalo ndi nkhokwe, osati mtondo. Ngati phunziro lanu ndi la kasungidwe ka chimanga, nkhokwe ndiyo ibwere patsogolo. Ndipo ngati zinthu zakwathu zofunika kufotokoza zapitirira zinayi kapena zisanu, gawani zithunzi ziwiri. Ana adzaona bwino zithunzi ziwiri zolondola kusiyana ndi chimodzi chodzaza zosakanizika.

Chenjezo lina ndi la mawu okana. Mukalemba kuti lichero lisakhale ndi chogwirira, mwatchula chogwirira, ndipo mapulogalamu ambiri amagwira dzinalo n'kuiwala kukanako. Nenani chimene chilipo, monga tachitira ponena za mkombero wolimba. Ngati mukufunadi kuletsa chinthu, gwiritsani ntchito malo ake. Mu Stable Diffusion muli bokosi lotchedwa `Negative prompt`, ndipo mu Midjourney mumalemba chonchi kumapeto kwa malangizo:

```
--no handle, yellow corn
```

Chithunzi chachiwiri: bambo akuvina ngoma

Ntcheu ndi kwawo kwa Angoni a Maseko, amene mfumu yawo yaikulu ndi Inkosi ya Makosi Gomani ya ku Lizulu. Chaka ndi chaka, mu Seputembala, amasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, kumene amakumbukiranso Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda a ku Britain mu 1896. Mphunzitsi wophunzitsa za magule m'boma lino sangalambalale ngoma. Tiyerekeze kuti walemba kuti: “Bambo wachingoni akuvina ngoma atavala nyoni ndi zikopa, atanyamula chishango ndi chibonga.”

Msampha woyamba uli pa kachizindikiro kakang'ono. Ngoma ndi gule, ng'oma ndi choimbira. Makina omasulira, monga Google Translate imene inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, akhoza kusokoneza mawu awiriwa, makamaka chifukwa anthu ambiri polemba pafoni amasiya kankhodolero. Zotsatira zake n'zakuti wovina uja amasanduka woimba ng'oma, chishango n'kusowa poti achigwirire. M'Chingerezi nenani momveka kuti ndi gule, ndipo fotokozani mmene thupi lilili: mwendo umodzi wakwezedwa kuti uponde pansi mwamphamvu.

Msampha wachiwiri uli pa mawu monga `warrior` ndi `tribal`. Mawuwa ndi chitseko cholowera zithunzi za m'mafilimu: nkhope zopakidwa utoto, mikanda ya Amasai, zigaza za nyama. Asiyeni. Lembani kuti ndi bambo wachingoni wa ku Malawi amene akuvina, basi.

Nyoni ndi liwu lochokera ku Chingoni, lotanthauza mbalame, ndipo limatchula chovala cha kumutu chopangidwa ndi nthenga. Mukalemba `feather headdress`, pulogalamu imakonda kubweretsa chisoti cha nthenga zazitali zoyalana cha eni nthaka a ku Amereka, chotsika mpaka kumsana. Mukalimasulira kuti mbalame, mupeza mbalame yeniyeni itatera pamutu pa munthu. Nyoni ndi nthenga zothithikana, zomangidwa pamodzi, zokhala pamwamba pa mutu. Mawu akuti `a thick bunch of dark feathers tied on top of the head` ali pafupi ndi chimene diso limaona.

Pa zikopa pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa dzina la nyama. Ambiri tinazolowera kumasulira kambuku kuti `tiger`, chonsecho nyama yamizeremizere imeneyo ndi ya ku Asia, ndipo m'tchire la kuno mulibe. Kambuku wathu, kapena nyalugwe, ndi wamangamanga, ndipo m'Chingerezi ndi `leopard`. Wachiwiri ndi wa ulemu. Chikopa cha kambuku chimadziwika kuti n'cha ufumu, koma pulogalamu ikangomva `animal skins` imakonda kuveka aliyense chikopa chimenechi. Mukafuna wovina wamba, tchulani nyama yake, monga mbuzi kapena ng'ombe, ndipo nenani pamene chikopacho chili: zidutswa zolendewera m'chiuno. Sankhaninso nthawi. Ovina ambiri a masiku ano amavala kabudula ndi vesiti mkati mwa zikopa. Ngati chithunzi chanu ndi cha lero, zitchuleni. Kuzichotsa n'kuwaonetsa ana chinthu chimene sadzachiona akapita kubwalo.

Chishango cha Angoni ndi cha chikopa cha ng'ombe chouma, chobulungira motalika, ubweya wake ukuoneka, ndipo kumbuyo kwake kuli ndodo. `Shield` yekha amabweretsa chishango chachitsulo cha asilikali akale a ku Ulaya. Pano pali njira yachidule imene imakopa: popeza Angoni anachokera kumwera kwa Afirika ndipo chishango chawo chimafanana ndi cha Azulu, wina angalembe `Zulu shield`, pakuti pulogalamu imachidziwa bwino. Chishango chimatulukadi bwino, koma liwulo limakoka chithunzi chonse, moti zovala, nyumba ndi malo zimasanduka za ku South Africa. Ngati mwasankha njirayi, mamatizani liwulo pa chishango chokha, ndipo muyang'anitsitse zina zonse. Njira yosavutitsa ndi kungofotokoza chishangocho. Chibonga nacho si `club` chabe, chifukwa liwulo limatchulanso ndodo ya gofu ndi malo achisangalalo. Ndi ndodo yokhala ndi mutu wobulungira kumapeto. Malangizo onse akhoza kukhala otere:

```
One Malawian Ngoni man dancing, one foot raised to stamp.
In his left hand an oval cowhide shield with the hair
showing, in his right a wooden stick with a round knob at
the end. A thick bunch of dark feathers tied on top of his
head, strips of goatskin hanging from his waist over
shorts, and a vest. Open dusty ground.
```

Pamene wolemba sakuchidziwa chinthucho

Mafunso anayi aja amaulula msanga pamene ifeyo sitikudziwa. Ambiri tingatchule nyoni, koma tikafunsidwa kuti imamangidwa bwanji kumutu timayamba kukanda m'mutu. Pamenepa musafunse pulogalamu yomweyo imene mukufuna kuiwongolera. Safunsa anadya phula. Pitani kwa akuluakulu amene amavina ngoma kapena amayi amene amagwiritsa ntchito ziwiyazo, muone chinthucho ndi maso, ndipo akalola muchijambule. Ku Mua, m'boma la Dedza, nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare ya ku Kungoni ili ndi chipinda cha chikhalidwe cha Angoni, kumene munthu angaone zinthu zimenezi. Mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi wa Steven Paas ndi wothandiza popeza liwu loyambira, koma liwulo lidutsebe m'mafunso anayi aja.

Chenjeraninso ndi mawu amene Chingerezi cha kuno chinawazolowera. Tonse timadziwa kuti `sweet beer` ndi thobwa, koma pulogalamu idzakujambulirani mowa wathovu m'tambula yagalasi, chithunzi chimene simungachipachike m'kalasi. Nenani kuti ndi chakumwa chokhuthala, chofiirira, cha chimanga ndi mawere, chili m'kapu kapena m'chikho. Chimodzimodzinso `Irish potatoes`, amene ife timatanthauza kachewere wa pa msika wa Lizulu: dzinalo likhoza kukokera chithunzi ku dziko la Ireland. `Potatoes` yekha akukwanira, pamene mbatata yakholowa ndi `sweet potatoes`. Nsima mukaitcha `porridge` mupeza phala m'mbale ndi sipuni. Fotokozani mitanda yoyera, yolimba, yosalala, itayalidwa pambale.

Kuyesa ngati mwamasulira bwino

Pali mayeso awiri, ndipo oyamba safuna intaneti. Perekani malangizo a Chingerezi kwa mnzanu amene sanaone a Chichewa aja, ndipo mumuuze kuti ajambule ndi pensulo zokhazo zimene zalembedwa, ngati kuti sanafikepo ku Malawi. Akafunsa kuti mayiyo wakhala kapena waimirira, kapena kuti chishango chili m'dzanja liti, dziwani kuti pamenepo pali dzenje limene pulogalamu idzalidzaza yokha.

Mayeso achiwiri ndi a chithunzi chimene chatuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musakopeke ndi kukongola kwake. Tengani malangizo a Chichewa oyamba aja, osati a Chingerezi, n'kuyang'ana chinthu chimodzichimodzi. Kodi mtondo ukufika m'ntchafu kapena uli patebulo? Kodi chitenje chakulungidwa kapena chasokedwa ngati siketi? Kodi chimanga n'choyera? Kodi nthenga zathithikana pamwamba pa mutu kapena zayalana mpaka kumsana? Tulutsani zithunzi zingapo ndi malangizo omwewo. Cholakwa chikapezeka pa chimodzi chokha, yesaninso. Chikapezeka pa zonse, vuto lili m'mawu anu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe liwu limene lakonza kapena kuwononga.

Pali zinthu zina zimene pulogalamu imakanabe ngakhale mutafotokoza bwino chotani, chifukwa sinazione mokwanira. Kalukidwe ka lichero ndi kamangidwe ka nyoni nthawi zambiri zimatuluka zongoyandikira. Mukayesa kangapo osaphula kanthu, lekani. Jambulani chinthu chenicheni ndi foni, kapena bwerekani lichero n'kupita nalo m'kalasi. Musagwiritsenso ntchito mapulogalamuwa kupanga nkhope ya mfumu kapena munthu wina wodziwika, pakuti chotulukacho chimakhala chopeka chovala dzina la munthu weniweni. Ndipo chithunzi chilichonse chopangidwa ndi makina chilembedwe pansi kuti n'chopangidwa ndi makina, kuti mwana asachitenge ngati umboni wa mmene makolo ake ankavalira.

Ntchito yoti muyese

Tengani chiganizo ichi: “Mtsikana wasenza mtsuko pankhata, agogo akuphika pamafuwa ndi mthiko.” Musanamasulire, lembani m'Chichewa mayankho a mafunso anayi pa mtsuko, nkhata, mafuwa ndi mthiko. Sankhani ngati agogowo ndi aakazi kapena aamuna, ndipo onjezerani zimene chiganizocho sichinatchule koma diso likuziyembekezera, monga mphika, nkhuni ndi zovala za anthu awiriwo. Samalani ndi nkhata, chifukwa liwuli limatchulanso maluwa oika pamanda. Samalaninso ndi mafuwa: kodi ndi miyala ingati, ndipo nkhuni zimalowa bwanji pakati pake? Mukamaliza, sinthanani malangizo anu a Chingerezi ndi mnzanu, aliyense ajambule za mnzake ndi pensulo, kenako muyerekeze zojambulazo ndi chiganizo cha Chichewa chimene munayambira.